Kutola ntchito ndi masiku omaliza m'maimelo ataliatali

Ntchito ya pa gulu ku koleji imayamba ndi imelo imodzi. Aphunzitsi alemba, mtsogoleri wa gulu ayankha, wina athokoza, wina afunsa funso, ndipo sabata isanathe maimelo afika 20, onse olumikizana pansi pa mutu umodzi ngati unyolo. Mkati mwa unyolowo muli ntchito zanu zitatu kapena zinayi, ndipo imodzi mwa izo tsiku lake linasintha inu osadziwa. Ophunzira ambiri amene amachedwa kupereka ntchito si aulesi ayi. Anawerenga imelo yoyamba n'kusunga tsiku limene linalembedwamo, koma tsikulo linasunthidwa mu imelo ya nambala 15, pansi pa nkhani ina.

Phunziro ili likusonyezani mmene mungawerengere unyolo woterewu kamodzi kokha, mosamala, n'kutulukamo ndi mndandanda waufupi umene mungaudalire osabwereranso ku maimelowo. Tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Choyamba, onani maimelo onse

Musanayambe kutola chilichonse, tsimikizani kuti zimene mukuziona ndi zonse. Gmail imaika pamodzi maimelo a mutu wofanana, koma imakuonetsani mokwanira okhawo amene simunawerenge ndi yomaliza. Ena onse imawapinda. Pa kompyuta pali kabatani ka Expand all kumtunda, chakumanja, kamene kamawatambasula onse. Pa foni mumayenera kugunda imelo iliyonse payokha, n'chifukwa chake ntchito imeneyi imayenda bwino mukaichitira m'chipinda cha makompyuta kapena pa laputopu.

Palinso malo ena awiri kumene mawu amabisala. Oyamba ndi timadontho titatu timene timaoneka pansi pa imelo. Gmail imabisa pamenepo mawu amene ikuganiza kuti ndi obwereza. Kawirikawiri amakhaladi obwereza, koma anthu ena amayankha mafunso mkati mwa imelo yakaleyo, funso lililonse n'kuliika yankho pansi pake. Mukaona imelo yaifupi yonena kuti "mayankho anga ali m'munsimu", gundani timadonthoto.

Malo achiwiri ndi nthambi. Munthu akasintha mutu wa imelo, Gmail imayamba unyolo wina. Nkhani imodzi ikhoza kukhala m'malo awiri. Kuti mupeze nthambizo, lembani m'bokosi lofufuzira dzina la wotumiza ndi tsiku limene nkhani inayamba:

```
from:dzina after:2025/03/09
```

Pamene palembedwa `dzina` ikanipo dzina kapena adiresi ya munthuyo. Chimene kufufuza sikungakupezereni ndi imelo imene simunatumizidwe n'komwe, monga pamene wina anagunda Reply m'malo mwa Reply all, yankho n'kupita kwa munthu mmodzi. Chizindikiro chake n'choti wina akuyankha mawu amene inu simukuwaona paliponse. Zikatero, pemphani kuti akutumizireni.

Werengani kuyambira pa yakale, koma khulupirirani yatsopano

Pali anthu amene amayamba ndi imelo yomaliza poganiza kuti ndi mmene muli chigamulo. Nthawi zambiri yomalizayo imangoti "Chabwino, tionana." Werengani kuyambira pa yoyamba, pepala ndi cholembera zili pambali, ndipo musayankhe imelo iliyonse mpaka mutafika kumapeto. Funso limene mukufuna kuyankha pa imelo yachitatu mwina linayankhidwa kale pa yachisanu ndi chinayi.

Pa imelo iliyonse dzifunseni funso limodzi: kodi pano pali munthu amene akuyenera kuchita chinachake? Ngati palibe, pitirirani. Ngati alipo, lembani zinthu zinayi pa mzere umodzi: ntchitoyo, woichita, tsiku lomaliza, ndi tsiku limene imeloyo inalembedwa. Imelo ina ikasintha zimene munalemba, musayambe mzere watsopano. Bwererani pa mzere wakalewo, dulani tsiku lakale, lembani latsopano. Mukapanda kutero mudzakhala ndi masiku awiri a ntchito imodzi, ndipo maso amakonda kusankha lakutali.

Chitsanzo chathu

Tiyerekeze kuti muli m'gulu la ophunzira anayi a zamalonda. Mukufufuza mmene ogulitsa mu msika amasungira kaundula wa zogulitsa zawo. Pali mtsogoleri wa gulu, mlembi, msungichuma ndi inuyo. Lero ndi Lolemba madzulo, pa 17 Malichi, ndipo unyolo uli ndi maimelo 21. Mwa amenewa, 14 ndi othokoza, opepesa ndi ovomereza basi. Otsala asanu ndi awiri ndi awa.

Lolemba pa 10, aphunzitsi analemba kuti: "Nonse, munditumizire mutu woyamba ndi mafunso anu pofika Lachisanu pa 21, 12 koloko masana. Musapite ku msika opanda kalata yachilolezo yochokera ku ofesi ya dipatimenti. Ofesi imafuna masiku atatu ogwira ntchito, ndipo pempho lanu ndiyenera kulisaina."

Tsiku lomwelo mtsogoleri anagawa ntchito: "Iwe ulembe gawo la zimene ena anafufuza kale. Mlembi akonze mafunso. Aliyense apereke K5,000 yosindikizira kwa msungichuma sabata ino isanathe. Ku msika tipita Lolemba pa 24."

Lachitatu pa 12, mlembi analemba kuti: "Wina atafunsako za kalata ija." Patapita mphindi zochepa inu munayankha kuti: "Ndiyesa kudutsako."

Lachinayi pa 13, aphunzitsi anatumiza imelo ya mzere umodzi: "Onani ndemanga zanga m'munsimu." Pansi pa timadontho analemba kuti mafunso asapitirire 20, ndipo amasuliridwe m'Chichewa chifukwa ogulitsa ambiri adzayankha m'Chichewa.

Lamlungu pa 16, mtsogoleri anakulemberani: "Gawo lako unditumizire mkuja kuti ndiphatikize ndi enawa. Tikumanenso tonse tsiku lomwelo 3 koloko ku laibulale."

Lero m'mawa aphunzitsi alemba imelo yaitali yofotokoza kalembedwe ka maina a mabuku amene mwagwiritsa ntchito. Mzere wake womaliza ukuti: "Lachisanu ndikhala ndili ku msonkhano, choncho tumizani Lachinayi, nthawi yomwe ija."

Kuzindikira ntchito yobisala m'mawu aulemu

Ife Amalawi sitikonda kulamula. Timati "wina atafunsako", "mwina tingaonenso", "zingakhale bwino titamasulira". Mawu amenewa ndi aulemu, koma pa mndandanda wa ntchito ndi oopsa, chifukwa aliyense amaganiza kuti akunena mnzake. M'maimelo a Chingerezi zimachitikanso: mawu ngati `could someone` ndi `we should` ndi ntchito zopanda mwini.

M'chitsanzo chathu muli ntchito ziwiri zoterezi. Yoyamba ndi kalata yachilolezo. Mlembi anaiponya pakati, koma inu munaitola pamene munati "ndiyesa kudutsako". Mwina munalemba mongocheza. Anzanu atatu anawerenga kuti nkhani ya kalata ili m'manja mwanu, ndipo palibe amene waiganiziranso. N'chifukwa chake maimelo amene munalemba nokha muziwawerenga mosamala kuposa a ena. Malonjezo anu ali mmenemo, ndipo ndi amene mumawadumpha poganiza kuti mukuwadziwa kale.

Yachiwiri ndi kumasulira mafunso. Aphunzitsi ananena chimene chichitike, koma sananene wochita. Kuchepetsa mafunso n'kwa mlembi, popeza ndi iye anawalemba. Kumasulira kulibe mwini. Musalembe dzina la mlembi mongoganizira, ndipo musadzipatse nokha mwakachetechete. Lembani kuti "palibe mwini" ndipo muifunse pa gulu. Kukhala pa mzere wa To kapena wa Cc kumathandizako kudziwa amene akufunsidwa, koma anthu ambiri sasamala kusiyana kwa mizere iwiriyi, choncho musadalire zimenezi zokha.

Sandutsani mawu a nthawi kukhala tsiku la pa kalendala

"Mawa", "mkuja", "sabata ino" ndi "Lachisanu likudzali" ndi mawu amene tanthauzo lake limadalira tsiku limene analembedwa, osati limene mukuwerenga. Ichi ndi chifukwa chake tinati muzilemba tsiku la imelo pa mzere uliwonse.

Mtsogoleri analemba "mkuja" Lamlungu pa 16. Mkuja wake ndi Lachiwiri pa 18. Inu mukuwerenga Lolemba, ndipo mukapanda kuyang'ana tsiku la imelo muganiza kuti muli ndi nthawi mpaka Lachitatu. Zoona zake n'zoti gawo lanu likufunika mawa. Nawonso mawu oti "sabata ino isanathe" analembedwa pa 10, ndiye kuti ndalama ija tsiku lake linadutsa kale. Ndipo "Lachinayi, nthawi yomwe ija" akutanthauza pa 20, 12 koloko masana. Nthawiyo mukuipeza pobwerera ku imelo yoyamba.

Pa mndandanda lembani dzina la tsiku ndi nambala yake pamodzi, monga "Lachinayi pa 20". Ziwirizi zimalondana. Wina akalemba "Lachinayi pa 21", mudziwa pomwepo kuti chimodzi n'cholakwika ndipo mufunsa. Samalaninso ndi masiku olembedwa m'manambala okha. Kuno kwathu `03/04` ndi pa 3 Epulo, koma munthu wa ku Amereka akalemba chimodzimodzi akutanthauza pa 4 Malichi. Ngati mukulemberana ndi sukulu kapena bungwe lakunja, tsimikizani. Mawu ngati `ASAP` si tsiku. Mukawaona, funsani kuti akufuna ntchitoyo liti kwenikweni, kapena tchulani tsiku inuyo kuti avomereze.

Werengani chobwerera m'mbuyo

Masiku ena omaliza salembedwa m'imelo iliyonse. Amatuluka mukaphatikiza maimelo awiri. Palibe amene ananena tsiku lopereka pempho la kalata yachilolezo. Koma tikudziwa kuti ulendo wa ku msika ndi Lolemba pa 24, ndipo ofesi imafuna masiku atatu ogwira ntchito. Loweruka ndi Lamlungu sitiwerengera. Kalata iyenera kukhala m'manja mwanu Lachisanu pa 21. Tikabwerera masiku atatu, Lachisanu, Lachinayi ndi Lachitatu, tikupeza kuti pempho liyenera kulowa Lachiwiri pa 18. Likalowa Lachitatu, kalata ikhoza kutuluka Lolemba, anzanu ataima kale pa siteji kudikira minibasi.

Pempho limenelo liyenera kusainidwa ndi aphunzitsi, ndipo kuti lisainidwe liyenera kulembedwa ndi kusindikizidwa. Apa mukuona kuti "kalata yachilolezo" si ntchito imodzi. Ndi zinayi: kulemba pempho, kukasainitsa, kukapereka ku ofesi, ndi kukatenga kalata. Yoyambayo ndi ya usiku uno.

David Allen, m'buku lake la Getting Things Done la mu 2001, anaphunzitsa kuti pa mndandanda pazilembedwa chinthu chenicheni chotsatira chimene munthu angachichite, osati dzina la nkhani yonse. Njira yoyesera ndi iyi: mzere uliwonse uyambe ndi mneni, monga lemba, tumiza, funsa, tenga. Mukawerenga mzerewo n'kupeza kuti mukudzifunsabe kuti ndiyambire pati, ndiye kuti sunaphwanyidwe mokwanira. M'buku lomwelo muli langizo loti chinthu chosafika mphindi ziwiri chichitike pomwepo. Kutumiza K5,000 pa foni ndi chotero. Mukamaliza kuwerenga unyolo, tumizani, ndipo sichifunikanso kulowa pa mndandanda.

Mndandanda wathu

Gawani mndandanda patatu. Ntchito zanu zikhale pazokha, zimene mukudikira kwa ena pazokha, ndi zosamveka pazokha.

Zanga:
Lolemba pa 17, usiku: lemba pempho la kalata yachilolezo.
Lachiwiri pa 18, m'mawa: sindikiza pempho, kasainitse kwa aphunzitsi, kapereke ku ofesi ya dipatimenti, funsa tsiku lodzatenga.
Lachiwiri pa 18, isanakwane 3 koloko: tumiza gawo langa kwa mtsogoleri.
Lachiwiri pa 18, 3 koloko: msonkhano ku laibulale.
Lachisanu pa 21, m'mawa: katenge kalata.

Zodikira:
Mlembi achepetse mafunso kufika pa 20.
Mtsogoleri aphatikize magawo n'kutumiza kwa aphunzitsi pofika Lachinayi pa 20, 12 koloko masana.

Zosamveka:
Amasulire mafunso ndani, ndipo pofika liti?
Kodi onse aona kuti tsiku lasintha?

Maimelo 21 asanduka mizere isanu ndi inayi. Gawo la zodikira anthu ambiri amalisiya poganiza kuti si lawo. Koma pa ntchito ya gulu malikisi ndi a nonse. Mtsogoleri akatumiza Lachisanu chifukwa sanaone mzere womaliza wa imelo ya aphunzitsi, mwachedwa nonse anayi. Onaninso mmene kusintha kwa tsiku kwapanikizira ntchito zina. Poyamba panali Lachitatu ndi Lachinayi lathunthu lophatikizira ndi kumasulira. Tsopano latsala Lachitatu lokha. Tsiku limodzi likasuntha, yang'anani mizere yonse imene imalidalira.

Tsekani ndi imelo imodzi yotsimikiza

Mndandanda wanu ndi mmene inu mwamvera. Kuti ukhale mgwirizano wa gulu, ubwezeni mu unyolo womwewo. Imeloyo ikhale yaifupi, dzina lililonse ndi tsiku lake, funso kumapeto. Kwa anzanu mungalembe motere:

"Anzanga, ndawerenganso maimelo onse. Tsiku lotumiza lasintha, tsopano ndi Lachinayi pa 20, 12 koloko masana. Ine nditumiza gawo langa mawa isanakwane 3 koloko, ndipo pempho la kalata ndikapereka mawa m'mawa. Aphunzitsi anati mafunso asapitirire 20 ndipo amasuliridwe m'Chichewa. Amasulire ndani? Tigwirizane mawa ku laibulale. Ngati ndaphonya penapake mundikonze."

Musanatumize, yang'anani amene ali pa mzere wa olandira. Ngati mukugawana ntchito ndi kukumbutsana za ndalama, aphunzitsi safunika kukhalapo. Iwo muwalembere paokha: "Zikomo aphunzitsi, ndimapempha ngati mungapezeke ku ofesi mawa m'mawa kuti mutisainire pempho la kalata yachilolezo. Tikufuna lilowe mawa kuti kalata ituluke Lachisanu lisanathe." Funso limodzi, chifukwa chake chimodzi. Imelo yotere imayankhidwa msanga kusiyana ndi ya mafunso asanu.

Ngati mwagwirizana china pa WhatsApp kapena pamaso, monga dzina la womasulira, wina alembe mzere umodzi mu unyolo. Chigamulo chimene sichinalembedwe pamene ena onse amayang'ana chimaiwalika, ndipo pambuyo pake aliyense amachikumbukira mosiyana.

Pepala kapena foni

Mndandanda ukhoza kukhala pa tsamba lomaliza la kope lanu, ndipo magetsi akazima kapena bandulo ikatha umapezekabe. Chofunika n'choti ukhale pamalo amodzi. Ngati mukonda foni, Gmail ili ndi Add to Tasks, imene imaika imelo mu Google Tasks pamodzi ndi njira yobwererera ku imeloyo. Mu Outlook, imelo imene mwaiika kambendera imaoneka mu Microsoft To Do pansi pa Flagged email.

Dziwani malire a zida zimenezi. Add to Tasks imatenga mutu wa imelo kukhala dzina la ntchito, ndipo mutu wa unyolo wathu sukunena chochita. Muyenera kuufuta n'kulemba mzere wanu woyamba ndi mneni, kuika tsiku nokha, ndi kuwonjezera ntchito zina pamanja, chifukwa unyolo umodzi watipatsa zisanu. Aphunzitsi akasinthanso tsiku, foni sikonza yokha. Kuika nyenyezi pa imelo, kapena kuibwezera kuti ioneke ngati yosawerengedwa, sikuthandiza kwenikweni. Kumangokukumbutsani kuti muwerengenso maimelo onse 21 kuti mupeze chochita, pamene cholinga chinali choti musawawerengenso.

Kuyambira pamenepa, imelo yatsopano ikafika mu unyolo, werengani yokhayo mpaka mzere womaliza, n'kuona ngati ikuwonjezera mzere, kusintha tsiku, kapena kutseka ntchito. Zimatenga mphindi imodzi.

Mmene mungadziwire kuti mndandanda uli ndi vuto

Ukakhala ndi mzere wopanda tsiku, mzerewo udzachitika pomaliza kapena sudzachitika. Ukakhala ndi mawu oti "mawa" kapena "sabata yamawa", sunamalizidwe. Mukapeza mzere wolembedwa "tonse", dziwani kuti ntchitoyo ilibe mwini. Ndipo mukaona kuti mukutsegulabe unyolo kuti mukumbuke nthawi kapena malo, ndiye kuti pali chimene simunakopere. Chikopereni pomwepo.

Yesani nokha

Choyamba, tiyerekeze kuti m'chitsanzo chathu ofesi ikufuna masiku anayi ogwira ntchito osati atatu. Kodi pempho linayenera kulowa liti? Popeza lero ndi Lolemba madzulo, mungalembe chiyani kwa gulu za ulendo wa pa 24?

Chachiwiri, imelo yalembedwa Lachinayi pa 13 Malichi ndipo ikuti "tumizani Lolemba la sabata yamawa". Ina yalembedwa Lamlungu pa 16 ndi mawu omwewo. Kodi akunena tsiku limodzi? Ndi iti mwa ziwirizi imene muyenera kufunsa kaye musanalembe tsiku, ndipo chifukwa chiyani?

Chachitatu, tsegulani unyolo wautali kwambiri umene uli m'bokosi lanu panopa. Werengani maimelo okhawo amene munalemba inuyo, n'kulemba lonjezo lililonse limene munapanga, ngakhale la mawu oti "ndiona". Pa lililonse ikani tsiku lochitira, kapena mulembere mwini wake lero kuti simutha, apeze wina nthawi ikadalipo.